"Akula, Luka!" ndi palindiromu, nanga bwanji pulogalamu yanga ikukana?

*Ndine mphunzitsi kuno ku Ngabu, ndipo masana a Lachitatu ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 kulemba mapulogalamu a Python. Ndinawapatsa ntchito yoona ngati mawu akuwerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, palindiromu. Tinalemba `mawu == mawu[::-1]`. Pa "ana" ndi "akuluka" ikuyankha `True`, koma mtsikana wina atabweretsa "Akula, Luka!" yayankha `False`, chonsecho papepala zikutheka. Ndachotsa mipata ndi `replace`, ikukanabe. Ndikulakwitsa pati?*

Aphunzitsi, mtsikanayo ali bwino, ndipo mumuuze kuti chiganizo chakecho ndachikonda kwambiri. Inunso simunasochere. Mzere umene munalembawo ndi theka lachiwiri la ntchito, ndipo ulibe vuto. Chimene chikusowa ndi theka loyamba.

Inu ndi ine tikamawerenga "Akula, Luka!" chobwerera, maso athu amadumpha okha mpata, mpatuliro ndi mfuwuliro, ndipo L wamkulu timangomuona ngati l. Kompyuta sidumpha kanthu. Kwa iyo chiganizochi ndi mndandanda wa tinthu 12, kalikonse ndi nambala yake: A ndi 65, a ndi 97, mpata ndi 32. Ikatembenuza imapeza "!akuL ,alukA", n'kufanizira kanthu koyamba ndi koyamba, A ndi mfuwuliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Mutachotsa mipata munachotsa chopinga chimodzi mwa zitatu. Ngakhale mukanachepetsanso zilembo, mukanatsala ndi "akula,luka!" kumbali ino ndi "!akul,aluka" kumbali inayo.

Musanapitirire, taonaninso kanthu kena kamene kamagwetsa anthu ambiri oyamba kumene. Mu Python mawu sasinthika pamalo pomwepo. Mukalemba `mawu.replace(" ", "")` pamzere paokha, kompyuta imapanga mawu atsopano opanda mipata n'kuwataya nthawi yomweyo, ndipo `mawu` amakhalabe momwe analili. Pamafunika kulemba `mawu = mawu.replace(" ", "")`. Ndaona ana anzeru ndithu akutha ola lathunthu pa kanthu kameneka, chifukwa pulogalamu sidandaula, imangopereka yankho lolakwika mwakachetechete.

Tsono njira yake ndi iyi: yambani mwapeta, kenako fanizirani. Ndipo popetapo pali maganizo awiri. Mukhoza kutchula zinthu zonse zofunika kutaya, kapena kutchula zofunika kusunga. Anthu ambiri amayamba ndi kutaya: chotsa mpata, chotsa mpatuliro, chotsa mpumiro. Mawa mwana abweretsa mfunsiro, muwonjezera mzere. Mkuja wina akopera chiganizo pa WhatsApp chokhala ndi mitengero yopindika, muwonjezeranso. Mndandanda umenewu sutha. Ngakhale `string.punctuation`, imene ambiri amaidalira, ili ndi zizindikiro 32 zokha, ndipo mitengero yopindika imene mafoni ndi Word amaika mulibemo. Mipatanso siili mtundu umodzi: pali wa batani la Tab, pali wosaoneka wa kumapeto kwa mzere umene umabwera mukawerenga ziganizo kuchokera mu fayilo, palinso wina wofanana ndendende ndi mpata wamba koma nambala yake ndi 160. Kutchula zosunga n'kwachidule: chilembo kapena nambala zikhale, china chilichonse chipite.

```python
def yeretsa(mawu):
    mawu = mawu.casefold()
    return "".join(c for c in mawu if c.isalnum())

z = yeretsa("Akula, Luka!")
print(z, z == z[::-1])
```

Izi zisindikiza `akulaluka True`. `casefold()` imachepetsa zilembo monga imachitira `lower()`. Pa Chichewa zotsatira zake n'zofanana, kusiyana kumaonekera pa zinenero ngati Chijeremani, kumene ß imasanduka ss. Ine ndinazolowera yoyambayo pofanizira mawu. `isalnum()` ndiye lichero: imavomera chilembo ndi nambala basi.

Ndikupempheni kuti kuyeretsaku kukhale mu fankishoni yakeyake monga ndachitiramu, osati kuunjika zonse pamzere umodzi. Chifukwa chake n'chakuti pafupifupi vuto lililonse limene mudzakumane nalo pa ntchito imeneyi lidzakhala m'kuyeretsa, osati m'kutembenuza. Mwana akadzati "Aphunzitsi, ikukana", funso lanu loyamba lidzakhale lakuti, "Tasindikiza zimene zatsala utayeretsa." Kawirikawiri amaona yekha cholakwikacho musanafike n'komwe pa desiki yake.

Kuno kuchigwa magetsi akathima sipakhala chodikira, ndiye ndikupatseni njira ina imene imaphunzitsika ndi choko. Lembani zilembo zisanu ndi zinayi zija pa bolodi motalikirana: a k u l a l u k a. Mwana mmodzi aime kumanzere, wina kumanja, ngati anthu awiri amene alowa pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, wina kuchokera tsidya lino, wina tsidya linalo. Aliyense atchule chilembo chimene waimapo. Zikafanana, onse aponye phazi limodzi kulowera pakati. A ndi a, k ndi k, u ndi u, l ndi l, kenako akumana pa a wa pakati, amene alibe mnzake ndipo safunika kumufunsa. Zilembo zisanu ndi zinayi, mafunso anayi okha. Zikangosiyana penapake, masewera atha, palibe chifukwa chopitirira.

```python
def fanizira(z):
    i, j = 0, len(z) - 1
    while i < j:
        if z[i] != z[j]:
            return False
        i, j = i + 1, j - 1
    return True
```

Ubwino wa njira iyi ndi wakuti mwana amaona ndi maso chimene palindiromu ili, komanso mutha kuuza pulogalamu kuti inene pamene zasiyanira. M'mabuku ena mupeza akuiwonjezera kuti `i` ndi `j` azidumpha okha zizindikiro popanda kuyamba ayeretsa, pofuna kusunga malo mu memore. Pa chiganizo cha mzere umodzi phindu limenelo ndi la chabe, ndipo pali dzenje: mukaiwala kuika malire pa kudumphako, chiganizo chopanda chilembo ngati "?!" chimayendetsa `i` mpaka kugwera kunja, pulogalamu n'kufa ndi `IndexError`. Kwa ana a Fomu 3 ine ndingati ayambe ayeretsa, kenako asankhe okha pakati pa `[::-1]` ndi kuyenda kwa anthu awiri kuja.

Mpaka pano ndi zimene mungapeze paliponse. Zotsatirazi ndi zathu za Chichewa, ndipo ndi pamene pulogalamu yooneka ngati yatha imayambira kunama.

Tiyambe ndi apositirofe, kachizindikiro ka m'mwamba kamene kali mu "ng'ombe" ndi "Mang'anja". Tengani chiganizo chakuti "Ana n'ana!", monga amanenera agogo ana akathyola mphika posewera. Mukayeretsa mumatsala ndi "ananana", palindiromu yabwinobwino. Koma kachizindikiroko kamalembedwa m'njira zosachepera zitatu zimene maso sangazisiyanitse bwino pa foni. Pali kowongoka ka pa kiyibodi ya kompyuta. Pali kopindika, kamene mafoni ambiri amaika okha, ndipo nambala yake ndi U+2019 mu Unicode, dongosolo lopatsa chilembo ndi chizindikiro chilichonse nambala yake. Awiriwa `isalnum()` imawataya popanda vuto. Kachitatu, U+02BC, Unicode imakawerenga ngati chilembo chenicheni, chifukwa m'zinenero zina kamaimira liwu. Kameneka lichero lathu limakasunga. Ndiye "anan" kutsogolo, kachizindikiro, "ana" kumbuyo: a ndi a, n ndi n, a ndi a, kenako n akumana ndi kachizindikiro, yankho `False`. Pa sikirini chiganizocho chikuoneka chimodzimodzi ndi cha mnzake amene wapeza `True`.

Ine ndinakaphunzira movutika kameneka, osati pa palindiromu ayi. Chaka china madzi atasefukira ndinkathandiza bungwe lina kuphatikiza mindandanda ya maina a mabanja a m'misasa ya ku Nsanje. Maina ena okhala ndi ng' ankatuluka kawirikawiri ngati anthu awiri osiyana, chifukwa mndandanda wina unalembedwa pa foni, wina pa laputopu. Ndinakhala usiku wonse, thukuta lili kamukamu, kufunafuna cholakwika m'khodi yofanizira, pamene khodiyo inalibe mlandu. Chinandipulumutsa ndi fankishoni yaing'ono yotchedwa `ascii()`, imene imavula mawu n'kuonetsa nambala ya kanthu kalikonse kachilendo. Mukalemba `print(ascii(mawu))` n'kuona `\u02bc`, mwamugwira wakubayo.

Apa pali phunziro lina la kasankhidwe ka mawu oyesera. "Anam'mana" ndi palindiromu yokongola, a n a m m a n a, ndipo ana adzaipeza. Koma singakuthandizeni kuyesa apositirofe, chifukwa kachizindikiroko kali pakatikati penipeni. Kachotsedwe kapena kasachotsedwe, yankho ndi `True`. Chimodzimodzinso "Alota atola" kapena "Awa akuluka awa": mipata yake yakhala molingana mbali zonse, moti pulogalamu yoiwala kuchotsa mipata imapambanabe. N'chifukwa chake chiganizo cha mtsikana uja ndi chamtengo wapatali. Mpata wake suli pakati, chilembo chachikulu chili poti mnzake ndi chaching'ono, ndipo zizindikiro zake ziwiri zilibe anzake.

Chachiwiri ndi ŵ, w wa kachipewa uja wa mu "Malaŵi". Masiku ano ambiri sitimulemba, koma m'mabuku ena mupezamo "aŵa" ndi "ŵana", ndipo mwana akhoza kukopera kuchokera kumeneko. Kompyuta ili ndi njira ziwiri zomusungira. Ina ndi kanthu kamodzi, U+0175. Ina ndi tinthu tiwiri: w wamba, kenako kachipewa pakokha, U+0302, kamene kamakwera pa chilembo chimene chili patsogolo pake. Pa sikirini palibe kusiyana, koma `len("aŵa")` ipereka 3 pa njira yoyamba ndi 4 pa yachiwiri. Mukatembenuza ya tinthu tiwiriyo osayeretsa, kachipewa kamatsogola n'kukakwera pa a, mumapeza "âwa". Mukayeretsa, `isalnum()` imataya kachipewa koima pakokha koma imasunga ŵ wathunthu. Choncho "Aŵa akuluka aŵa", ngati ŵ woyamba anatayipidwa ndipo wachiwiri anakoperedwa kwina, akhoza kutsala ŵ mbali ino ndi w mbali inayo, pulogalamu n'kukana.

Mankhwala ake ndi kusandutsa zonse zikhale mtundu umodzi musanapete. Python ili ndi `unicodedata.normalize`. Mukaipatsa `"NFC"` imamata kachipewa pa chilembo chake, ŵ n'kukhala chilembo chosiyana ndi w. Mukaipatsa `"NFD"` imagawa ŵ aliyense kukhala w ndi kachipewa, lichero n'kutaya kachipewako, ŵ ndi w n'kukhala amodzi. Apa kompyuta singakusankhireni. Ine ndimasankha `"NFD"`, chifukwa kwa owerenga Chichewa a lero "aŵa" ndi "awa" ndi mawu amodzi. Wina wophunzitsa katchulidwe akhoza kusankha mosiyana, ndipo sangalakwe, bola alembe chisankhocho pamwamba pa khodi kuti ana adziwe.

Chenjeraninso ndi njira imene yafala kwambiri ya `re.sub("[^a-z0-9]", "", mawu)`. Inalembedwera Chingerezi. Kwa iyo ŵ wathunthu uja si chilembo, ndiye imamutaya yense, "malaŵi" n'kusanduka "malai". Sikuuzani kuti yataya kanthu.

Chachitatu ndi manambala ndi chiganizo chopanda kanthu, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Mwana wina adzagwiritsa `isalpha()` m'malo mwa `isalnum()`, poganiza kuti tikufuna zilembo zokha. Ayesa 2002, ipereka `True`, asangalala. Muuzeni ayesenso 2015. Iperekanso `True`. Chachitika n'chakuti manambala onse atayidwa, kwatsala mawu opanda kanthu, ndipo chopanda kanthu mukachitembenuza chimafanana ndi chopanda kanthu. Mwa masamu zimenezo si bodza, ndipo m'mafunso ambiri a mapulogalamu amavomereza kuti chopanda kanthu ndi palindiromu. Koma m'kalasi, mwana akangodina Enter kapena kulemba "?!" pulogalamu n'kumuyamikira, ine ndimati yalakwa. Ndimakonda ikane. Zonse tikaziphatikiza zikhala motere:

```python
import unicodedata

def yeretsa(mawu):
    mawu = unicodedata.normalize("NFD", mawu).casefold()
    mawu = mawu.replace("\u02bc", "")
    return "".join(c for c in mawu if c.isalnum())

def ndi_palindiromu(mawu):
    z = yeretsa(mawu)
    return len(z) > 0 and z == z[::-1]
```

Dongosolo la mizereyo lili ndi ntchito. Kugawa kwa `"NFD"` kuyenera kubwera kupeta kusanachitike. Mukayamba ndi kupeta, ŵ wathunthu adutsa, kenako agawike, kachipewa n'kutsalira m'mawu oyeretsedwa kale.

Pali funso limene ana adzakufunsani ndithu, ndipo ndi bwino mulikonzekere, chifukwa silikhudza khodi koma chinenero. Wina adzati, "Nanga ntchentche? Ntche-ntche, chobwerera ndi ntche-ntche." Khutu lake silikunama. Ife timamva mawu m'maphatikizo, ndipo potembenuza maphatikizo "ntchentche" imabwerera momwemo. Koma pulogalamu yathu ikutembenuza zilembo, ndipo ipeza "ehctnehctn". Ch, ph, th, kh, ny, ng', onsewa ndi liwu limodzi lolembedwa ndi zilembo zingapo, ndipo akatembenuzidwa amapereka hc, hp, yn, gn, zimene Chichewa sichilola. Onjezerani apo kuti mawu athu amathera pa vawelo. Ndiye kuti palindiromu ya zilembo iyenera kuyambanso ndi vawelo, ndipo mkati mwake nthawi zambiri mumangosinthana vawelo ndi konsonanti imodzi. N'chifukwa chake zimene timapeza ndi za mtundu wa ana, apa, uku, umu, izi, akuluka. Auzeni ana zimenezi asanayambe kusaka, apo ayi atha sabata akulimbana ndi "mphasa" ndi "nkhuku". Kulemba pulogalamu yotembenuza maphatikizo n'kotheka, mumadula mawu pambuyo pa vawelo iliyonse, koma m ndi n oima paokha ngati wa mu "mtengo" amafuna lamulo lapadera. Imeneyo ndi ntchito ina, musaisakanize ndi iyi.

Nkhani ya l ndi r nayonso idzabwera. Mwana wa kuno sachedwa kupeza kuti "alima" chobwerera ndi "amila", ndipo kwa anthu olima m'madimba a m'mbali mwa Shire chiganizo chakuti "Alima, amila" si nthabwala kwenikweni. M'kamwa l ndi r sitiwasiyanitsa, koma malamulo a kalembedwe amati pambuyo pa i ndi e tilembe r, ndiye mawuwo ndi "amira". Pulogalamu ikalandira "Alima, amira" idzaima pa funso lachiwiri, l ndi r, n'kukana. Ikulondola, chifukwa tinaituma kuona zilembo. Mukafuna kulola, mzere umodzi wa `replace("r", "l")` mu `yeretsa` ukwanira, koma ine sindingauike. Ukangolowa umenewo, wina adzafuna kuti "Chikwawa" ndi "Chikhwawa" zikhalenso chimodzi, ndipo posakhalitsa pulogalamu ikhala ikuvomera zimene sizikuoneka papepala. Kuli bwino mwanayo alembe "amila" mwadala, akudziwa kuti wapinda lamulo pofuna masewerawo.

Poyesa ntchito za ana, musamangowapatsa ziganizo zoyenera kupambana. Pulogalamu imene ili ndi mzere umodzi wokha wa `return True` ipambana mayeso onse otere. Konzani ziganizo pafupifupi zisanu ndi zitatu, chilichonse chotchera msampha wake. "Akula, Luka!" ndi "Ana n'ana!" ziyenera kuvomerezedwa, chachiwirichi muchilembe katatu ndi mitundu itatu ija ya apositirofe. "Aŵa akuluka awa" chivomerezedwe ngati munasankha `"NFD"`. "Akula, Luko!" chikanidwe, chifukwa chasiyana kumapeto, "Alima, amira" chikanidwe, chifukwa chasiyana mkati, 2015 ndi "?!" zikanidwenso. Mwana amene pulogalamu yake yadutsa zonsezi wamvetsa ntchitoyo, osati kungokopera.

Khodi ili pamwambayi ikwanira pa Chichewa, Chisena ndi Chingerezi. Pamene ingayambe kupereka mayankho okayikitsa ndi pa zinenero zimene timizere ndi timadontho ta pamwamba kapena pansi pa chilembo tili mbali ya liwu lenilenilo, monga Chihindi, chifukwa lichero lathu limataya zoterozo. Komanso ngati wina afuna kuti tizithunzi ta pa foni tiziwerengedwa. Zikafika pamenepo mufunika laibulale yodziwa kudula mawu monga momwe maso amawaonera, ndipo ndi bwino kufunsa munthu amene anagwirapo ntchito ndi zilembo za chinenerocho. Koma ngati ndi chiganizo cha Chichewa chimene papepala chikutheka ndipo pulogalamu ikukanabe, munditumizire zinthu ziwiri: zimene `print(ascii(mawu))` yasindikiza, ndi zimene `print(ascii(yeretsa(mawu)))` yasindikiza. Muzikopere monga zilili, musazitayipenso ndi manja, chifukwa potayipanso mudzachotsa kanthu komweko kamene tikukasaka.